Kudula ndi kukonza mawu a munthu wina osapotoza tanthauzo: mafunso ndi mayankho

Mukatsekera mawu m'mitengero, mukumuuza wowerenga kuti mawuwa mwini wake anawanena kapena kuwalemba momwemu. Koma kawirikawiri zimene munthu wanena zimakhala zazitali kuposa malo amene muli nawo, kapena sizimveka mukazichotsa pamene zinali. Pali zizindikiro ziwiri zothandiza pamenepa: madontho atatu, komanso mikutiramawu yangodya, imene ambiri amangoti mabulaketi. Mayankho ali m'munsiwa akutsatira chitsanzo chimodzi chongopeka. Tiyerekeze kuti injiniya wayendera mlatho, kenako walemba mu lipoti lake kuti:

"Tayendera mlathowu kawiri chaka chino, koyamba mu Januwale, kachiwiri mu Juni, ndipo tapeza kuti ndi wolimba. Koma ngati magalimoto olemera kuposa matani 20 apitiriza kudutsapo, sutha zaka zisanu usanagwe. Ndawauza kale kuti aike chikwangwani, ndipo andilonjeza kuti atero mwezi wamawa."

Kodi zizindikiro ziwirizi zimamuuza chiyani wowerenga?

Madontho atatu amati: pano panali mawu ena, ine wolemba ndawachotsa. Mikutiramawu yangodya imati: zili m'katimuzi si za mwini mawu, ndaziikamo ndine. China chimasonyeza pamene mwachotsa, china pamene mwaika kapena kusintha. Zonse ziwiri zimaonetsa poyera malo amene dzanja lanu lakhudza, kuti wowerenga asiyanitse mawu a mwini wake ndi ntchito yanu.

Ndi mawu otani amene ndingachotse mosadandaula?

Amene akachoka, mfundo imatsala momwe inalili. Nthawi zambiri amakhala mawu obwereza, ulemu wotsegulira nkhani, mndandanda wa zitsanzo, kapena tsatanetsatane amene nkhani yanu sikumufuna. Mu lipoti la injiniya lija, ngati nkhani yanu si ya miyezi imene anayendera mlatho, mukhoza kulemba kuti:

"Tayendera mlathowu kawiri chaka chino ... ndipo tapeza kuti ndi wolimba."

Pachoka mayina a miyezi okha. Injiniya atawerenga, palibe chimene angakane. Anayendera kawiri, anapeza kuti mlatho ndi wolimba, ndipo zonsezi zatsala.

Komabe kumbukirani kuti mawu amakhala opepuka kapena olemera malinga ndi nkhani imene mukulemba. Kukanakhala kuti mkangano uli pa zoti injiniyayo sanapiteko nthawi ya mvula, miyezi ijayo ikanakhala mtima wa nkhani yonse, ndipo kuichotsa kukanakhala kubisa umboni. Choncho palibe mndandanda wa mawu amene nthawi zonse ndi otayika. Mumayamba mwafunsa kuti wowerenga wanu akufuna kudziwa chiyani, kenako n'kuona ngati chimene mukuchotsacho chingasinthe yankho lake.

Nanga mawu amene sindiyenera kuwakhudza ndi ati?

Apa ndi pofunika kuima pang'ono, chifukwa anthu ambiri a mtima wabwino amagwera pomwepa. Munthu akamafupikitsa, maso ake amathamangira timawu tating'ono, poganiza kuti mawu akuluakulu ndiwo asenza tanthauzo. Chonsecho timawu tating'onoto ndito timaika malire pa zimene munthu wanena: ngati, koma, mwina, pokhapokha, ena, nthawi zina, pafupifupi, akuti, zikuoneka kuti. Munthu wosamala polankhula amatigwiritsa ntchito mwadala. Mukatichotsa, mwamusandutsa munthu wotsimikiza zinthu zimene iye sanatsimikize.

Taonani zimene zingachitikire lipoti lija. Wolemba wina amene akufuna mutu wochititsa mantha angalembe kuti:

"Tayendera mlathowu ... sutha zaka zisanu usanagwe."

Liwu lililonse pamenepa ndi la injiniya. Madontho aikidwa pamalo pake. Koma chiganizochi ndi bodza, chifukwa injiniya sananene kuti mlatho ugwa. Ananena kuti ndi wolimba, ndipo ungagwe pokhapokha magalimoto olemera atapanda kuletsedwa. Mawu akuti "ngati" ndi amene anali msomali wa mfundo yonse.

Wolemba wa mbali inayo, wofuna kuziziritsa mitima ya anthu, angatenge chiganizo choyamba chokha n'kuima pa "ndi wolimba". Iyeyu sanaike n'komwe madontho, poti sanadule pakati. Koma naye wanama chimodzimodzi, chifukwa wasiya "koma" amene akubwera pambuyo pake. Mukaona chiganizo chotsatira chikuyamba ndi "koma", "komabe" kapena "ngakhale zili choncho", dziwani kuti mwini mawu sanamalize mfundo yake, ndipo simungaime musanafike pamenepo.

Zoterezi zinachitikapo pa mwala weniweni. Pa chipilala cha ku Washington chokumbukira Martin Luther King Jr., m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, chimene chinatsegulidwa mu 2011, anazokotapo mawu ofupikitsidwa kuchokera mu ulaliki wake wa pa 4 February 1968 ku Atlanta. Mu ulalikiwo iye ankachenjeza za mtima wofuna kukhala patsogolo, ndipo ananena kuti ngati anthu angafune kudzamutchula kuti anali wotsogolera gulu la ng'oma, adzanene kuti ankatsogolera pa chilungamo. Pamwala paja "ngati" anasiyidwa, n'kutsala mawu omveka ngati iye mwini akudzitcha mtsogoleri wa chilungamo ndi mtendere. Mlembi Maya Angelou anadandaula poyera kuti mawuwo akumuonetsa King ngati munthu wodzikweza, ndipo mu 2013 anawafufuta pamwalapo. Amene anawafupikitsa sankadana ndi King, ankafuna kumulemekeza. Vuto linali la malo ochepa, ndipo chimene chinatayika ndi kachigawo kooneka kakang'ono.

Koma ndaika madontho, ndiye kuti sindinabise kanthu. Cholakwa chili pati?

Madontho amangonena kuti mwachotsa mawu. Sanena kuti mwachotsa chiyani, kapena ochuluka bwanji. Kuseri kwa madontho atatu kukhoza kukhala liwu limodzi, kukhozanso kukhala masamba awiri. Wowerenga alibe njira yodziwira, ndipo ambiri sadzapita kukafufuza kumene mawuwo achokera. Amakukhulupirirani kuti chimene mwachotsa sichinali chosintha nkhani. Ndiye mukadula "ngati" n'kuikapo madontho, mwagwiritsa ntchito chizindikiro cha kukhulupirika pophimbira chinyengo. Kwa ine zimenezi n'zoipa kuposa kufotokoza molakwika m'mawu anuanu, chifukwa mitengero imapangitsa bodzalo kutuluka m'kamwa mwa munthu wina.

Kodi ndingalumikize ziganizo ziwiri zotalikirana pogwiritsa ntchito madontho?

Mungathe, koma mosamala kwambiri, ndipo pali malire awiri. Oyamba ndi akuti musasinthe ndondomeko. Chimene chinanenedwa poyamba chikhale poyamba. Madontho sapereka chilolezo chotenga mawu a kumapeto n'kuwaika kutsogolo.

Achiwiri ndi ovutirapo kuwaona. Ziganizo ziwiri zikaikidwa moyandikana, wowerenga amazimangirira pamodzi yekha. Amaganiza kuti chachiwiri chikufotokoza choyamba, kapena kuti choyamba ndicho chinachititsa chachiwiri. Tiyerekeze kuti pa tsamba lachitatu la lipoti lomwelo injiniya analemba za ngalande ya pafupi ndi mlatho kuti, "Anthu amene anagwira ntchitoyi sanatsatire mapulani." Wina n'kulemba kuti:

"Tayendera mlathowu kawiri chaka chino ... Anthu amene anagwira ntchitoyi sanatsatire mapulani."

Aliyense wowerenga adzamva kuti omanga mlatho ndiwo sanatsatire mapulani, pomwe "ntchitoyi" inali ngalande. Mawu olozera monga iyi, amenewa, iwo, pamenepo, amagwira chilichonse chimene chili pafupi nawo. Mukawasuntha, amaloza chinthu china.

Njira yabwino ndi kutseka mitengero, kulankhula inuyo pakati, n'kutsegulanso ina. Mwachitsanzo: Injiniya wati mlatho "ndi wolimba". Pa nkhani ya ngalande, wati ogwira ntchito "sanatsatire mapulani". Mawu ndi ochepa chimodzimodzi, ndipo palibe amene wanamiziridwa. Pa zokambirana za pakamwa lamuloli ndi lolimba kwambiri: yankho la funso lina musalimate ku yankho la funso lina.

Madontho akhale angati, atatu kapena anayi?

Chizindikirocho ndi madontho atatu basi, osati awiri, osati asanu ndi awiri. Mukaona anayi m'mabuku, dziwani kuti limodzi ndi mpumiro wotseka chiganizo, atatu enawo ndiwo osonyeza kudula. Kalembedwe ka APA ndi ka Chicago, mitundu iwiri ya malamulo a kalembedwe otsatidwa ndi ochita kafukufuku ndi osindikiza mabuku, kamachita motero pamene mwadula pakati pa ziganizo ziwiri. Mu chitsanzo chathu zingaoneke chonchi:

"Tapeza kuti ndi wolimba. ... Ndawauza kale kuti aike chikwangwani."

Kalembedwe ka zizindikiro kali bwino pamenepa, koma taonani kuti kudulako pakokha n'kokayikitsa, poti kwameza chenjezo lonse la matani 20, ndipo wowerenga sakudziwa kuti chikwangwanicho ndi cha chiyani. Kuika madontho molondola ndi kudula molondola ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Pa za mipata, ena amasiya mpata pakati pa dontho lililonse, ena amawaphatikiza. Tsatirani zimene sukulu yanu kapena wosindikiza wanu amafuna, ndipo musasinthesinthe m'nkhani imodzi. Pa kompyuta pali chizindikiro chimodzi cha madontho onse atatu, chimene nambala yake yochizindikirira ndi U+2026. Pa Mac mumachipeza ndi Option+; ndipo pa Windows ndi Alt+0133, potaipa manambalawo pa mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi. Ubwino wake ndi wakuti sichiduka pakati mzere ukatha.

Kodi ndiike madontho koyambirira ndi kumapeto kwa mawu amene ndatenga?

Nthawi zambiri ayi. Aliyense amadziwa kuti mwini mawu ananena zina musanayambe kutenga, ndiponso anapitiriza mutasiya. Mukalemba kuti injiniya wapeza kuti mlatho "ndi wolimba", n'zoonekeratu kuti ndi kachidutswa, ndipo madontho mbali zonse angangodetsa tsamba.

Amafunika kumapeto pamene mwaima pakati pa chiganizo koma zimene mwatengazo zikuoneka ngati chiganizo chathunthu. "Ndawauza kale kuti aike chikwangwani" chikumveka ngati chathera pomwepo, ngati munthu wotopa amene sakumveredwa. Chonsecho chiganizo chenicheni chikupitiriza kuti anamulonjeza kuti atero. Madontho kumapeto angachenjeze wowerenga kuti pali zina. Koma mukafika poona kuti popanda madonthowo tanthauzo likupendekeka, nthawi zambiri yankho labwino si madontho, ndi kumalizitsa chiganizocho.

Bwanji ngati mwini mawu anali ndi madontho akeake?

Zimachitika kwambiri m'nthano, m'makalata ndi m'mauthenga a pafoni, pamene madontho amasonyeza kuzengereza kapena mawu othera m'malere. Mukaikanso anu, wowerenga sadziwa kuti a ndani ndi ati. Njira yosavuta ndi kutsekera anuwo m'mikutiramawu yangodya, chonchi: [...]. Opanda mikutiramawu amakhala a mwini wake. Olemba ambiri a Chifalansa ndi Chijeremani amachita zimenezi nthawi zonse, ngakhale pamene palibe chosokoneza, ndipo ndi chizolowezi chabwino chifukwa sichisiya mpata wokayikira. Ngati simunadule kalikonse koma madontho a mwini wake alipo, nenani pambuyo pa mawuwo kuti madonthowo anali momwemo.

Ndi zinthu ziti zimene zimaloledwa kulowa m'mikutiramawu yangodya?

Zimene mwini mawu ndi omvera ake ankazidziwa kale, koma wowerenga wanu sangazidziwe chifukwa sanaone zonse. Chitsanzo chofala ndi dzina. Injiniya akuti "Ndawauza kale", koma wauza ndani? Ngati lipoti likusonyeza poyera pamalo ena kuti ndi oyang'anira misewu, mukhoza kulemba kuti:

"Ndawauza kale [oyang'anira misewu] kuti aike chikwangwani."

Mawu ofunika apa ndi akuti "likusonyeza poyera". Ngati lipoti silinatchule, ndipo inu mukungoganiza kuti ayenera kuti ndi amenewo, musaike. Dzina la m'mikutiramawu wowerenga amalitenga ngati chinthu chotsimikizika, ndipo mukalakwitsa mwaika munthu wosalakwa m'nkhani imene simukhudza. Mufunseni mwini mawu, apo ayi nenani kunja kwa mitengero kuti sanatchule.

Pali njira ziwiri zoikira. Mukhoza kusiya liwu la mwini wake n'kuwonjezera kufotokoza pambali pake, kapena kulichotsa n'kuika lanu m'malo mwake. "Iwo [oyang'anira misewu] sanabwere" ndi yoyamba, "[Oyang'anira misewu] sanabwere" ndi yachiwiri. Yachiwiri imawerengeka mosalala, koma yoyamba ndi imene ndimalimbikitsa pa nkhani iliyonse imene ingadzetse mkangano, chifukwa wowerenga akuona zonse ziwiri, liwu lenileni ndi kumasulira kwanu. Mukasankha yachiwiri simufunikanso madontho, mikutiramawu yokha yanena kale kuti pasinthidwa.

Zinanso zololedwa ndi kutambasula chidule cha dzina, kuika chaka pamene munthu wati "chaka chino" koma nkhani yanu ikuwerengedwa patapita nthawi, ndi kunena kuti mwatsindika liwu ndinu. Mukapendeketsa kapena kudetsa liwu limene mwini wake sanalitsindike, lembani [kutsindika ndi kwanga]. Kutsindika kumasintha kamvekedwe, ndipo munthu ayenera kudziwa kuti mawu akwera chifukwa cha ndani.

Chosaloledwa ndi maganizo anu. "Andilonjeza [monga mwa masiku onse] kuti atero mwezi wamawa" ndi kulowetsa chitonzo chanu m'kamwa mwa injiniya. Chimodzimodzi kusintha liwu lofatsa ndi liwu loluma: munthu akati "vutoli", inu musaike [chinyengochi]. Ngati muli ndi mfundo, inenereni kunja kwa mitengero, pamene aliyense akuona kuti ndi yanu.

M'Chichewa munthu ndi nthawi zimakhala m'kati mwa mneni. Ndingasinthe bwanji popanda kuwononga liwu?

Funso ili ndi lathu lenileni, poti malangizo ambiri a kalembedwe analembedwa poganizira zinenero zimene mlowam'malo amaima payekha. Kwa ife "ndawauza" ndi liwu limodzi, koma muli wonena, nthawi, ouzidwa ndi tsinde la mneni. Mukafuna kulowetsa mawuwa m'chiganizo chanu, pamene injiniya salinso "ine" koma "iye", mumasintha kachigawo ka liwu, ndipo mikutiramawu izinge kachigawo komweko:

Injiniya wati "[w]awauza kale kuti aike chikwangwani".

Zimenezi n'zolondola, ndipo pa liwu limodzi zimapiririka. Koma taonani zimene zimachitika mukapitiriza chiganizo chonse: "[w]awauza kale kuti aike chikwangwani, ndipo a[mu]lonjeza kuti atero mwezi [wotsatira]". Zigamba zitatu m'chiganizo chimodzi, ndipo wowerenga akupunthwa pa chilichonse. Pali njira ziwiri zopewera. Yoyamba ndi kusiya mawu momwe alili n'kuwatsegulira ndi "wati:" kuti injiniya alankhule yekha monga "ine". Yachiwiri ndi kuyambira mitengero patsogolo pang'ono, kudumpha mneni wovutayo: Injiniya wati wawauza kale "kuti aike chikwangwani". Mneni wakhala wanu, zotsalazo ndi zake, ndipo palibe chigamba.

Pali zigawo ziwiri za mneni zimene simuyenera kuzisintha ngakhale ndi mikutiramawu. Choyamba ndi chokanira, si- ndi -sa-. "Sutha" ndi "utha" zasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo chilembocho ndicho mfundo yonse. Pokopera pamanja kapena potaipa mofulumira chimasowa mosavuta, choncho bwererani kukaonanso mneni aliyense wokanira. Chachiwiri ndi chigawo chosonyeza ngati chinthu chachitika, chidzachitika kapena chingachitike. "Ungagwe", "udzagwa" ndi "wagwa" ndi nkhani zitatu. Kusintha nthawi kuti igwirizane ndi chiganizo chanu, monga kuchokera pa "tapeza" kupita ku "[ana]peza", n'kololedwa poti chochitikacho ndi chomwecho. Kusintha -nga- kukhala -dza- ndi kusandutsa chenjezo kukhala ulosi.

Nanga chilembo chachikulu choyambira, nacho chikufunika mikutiramawu?

Zimadalira amene mukumulembera. Mukatenga "Koma ngati magalimoto" n'kuyambira pa "ngati", ena amafuna mulembe "[N]gati magalimoto" posonyeza kuti chilembocho chinali chaching'ono. Olemba za malamulo amasamala kwambiri zimenezi, chifukwa kwa iwo kudziwa pamene chiganizo chinayambira kumatha kusintha kamasuliridwe ka lamulo. Kalembedwe ka APA kamalola kusintha chilembocho mosalengeza. M'nyuzi ndi m'makalata wamba palibe amene angakufunseni.

Bwanji osangogwiritsa ntchito mikutiramawu yozungulira ija tinazolowera?

Chifukwa yozungulirayo mwini mawu amaigwiritsanso ntchito. Wowerenga akaiona m'kati mwa mitengero amadziwa kuti ndi ndemanga ya mwini wake. Mukaika zanu m'menemo, mwamupatsa mawu amene sananene. Yangodya inapatulidwira wokopera.

Ngati m'mawu amene ndikutenga muli cholakwika, ndichikonze?

Osachikonza mwakachetechete. Pali kaliwu ka Chilatini, sic, kamene kamaikidwa m'mikutiramawu yangodya pambuyo penipeni pa cholakwikacho, kutanthauza kuti zinalembedwa momwemo, si ine ndalakwitsa pokopera. Tiyerekeze kuti lipoti linati "matani 200" pamene paliponse m'lipotimo akunena za 20. Mukhoza kulemba "matani 200 [sic]". Koma taganizirani wowerenga: wadziwa kuti pali cholakwika, koma sakudziwa cholondola. Pa nambala, tsiku kapena dzina, kumuthandiza kwenikweni ndi kulemba "matani 200 [pamalo ena onse lipoti likuti 20]", kapena kufotokoza kunja kwa mitengero.

Kaliwuka kali ndi ululu wake. Mukakaika pa kalembedwe kalikonse kolakwika ka munthu amene mukutsutsana naye, wowerenga amaona kuti cholinga chanu ndi kumunyoza, osati kulondola. Musakaike pa kalembedwe kakale, kamene kanali kolondola pa nthawi yake. M'mabuku akale a chinenero chathu mupezamo "c" pamene lero timalemba "ch", ndipo si cholakwa. Musakaikenso pa kalankhulidwe ka dera lina, kapena pa mfundo imene inu simukugwirizana nayo chabe. Ngati cholakwikacho ndi chala kuterereka pa kiyibodi ndipo chilibe ntchito pa nkhani yanu, njira yaulemu ndi kutenga chigawo china, kapena kunena mfundoyo m'mawu anu.

Ndajambula mawu a munthu akulankhula. Kodi pa "eee" aliyense ndi pa kubwereza kulikonse ndiike madontho?

Ayi, mukatero ndime yake idzadzaza madontho, ndipo munthu wolankhula bwinobwino adzaoneka ngati wozemba mafunso. Pakamwa tonse timabwereza, timayamba chiganizo n'kuchisiya, timadzaza mpata ndi "eti", "ndiyeno", "kaya". Atolankhani ambiri amachotsa tizibwibwi totere mosalengeza, ndipo n'zovomerezeka malinga ngati chochotsedwacho ndi phokoso chabe.

Kusamala kuli pa kusiyanitsa phokoso ndi kukayika kwenikweni. Munthu akafunsidwa ngati mlatho ndi wotetezeka n'kuyankha kuti, "Eee, mwina, tinene kuti inde," mukhoza kusiya "eee", koma "mwina" ndi "tinene kuti" ndi yankho lenilenilo. Kulemba "Inde" yekha ndi kumunamizira. Munthu akadzikonza yekha, monga "matani 30, pepani, 20", tengani chimene wakonzacho. Ndipo pa umboni wa m'khoti kapena kafukufuku wa mmene anthu amalankhulira, palibe chochotsa, zonse zimalembedwa. Zimene simunamve bwino pa chojambuliracho musazipeke, lembani [sizikumveka].

Kodi munthu angazengedwe mlandu chifukwa chodula mawu a wina molakwika?

N'zotheka, ngati kudulako kwamuipitsira mbiri, ngakhale kuti malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi unafika ku khoti lalikulu la dziko la America mu 1991. Jeffrey Masson anasumira magazini ya The New Yorker ndi mtolankhani Janet Malcolm, ponena kuti anamuikira m'mitengero mawu amene sananene. Khotilo linanena kuti kusintha mawu a munthu, ngakhale mwadala, pakokha sikukwanira kukhala bodza loipitsa mbiri, pokhapokha ngati kwasintha kwenikweni tanthauzo la zimene ananena. Muyezo umenewu ndi womwe tikukambirana pano. Oweruza sanawerenge kuti mawu osinthidwa ndi angati, anayang'ana ngati tanthauzo lasuntha.

Ndingadziwe bwanji kuti ndadula mopitirira?

Ikani mawu enieni ndi odulidwa pambali ndi pambali, kenako werengani mokweza zokhazo zimene mwachotsa. Ambiri amawerenga zotsala, n'kuona kuti zikumveka bwino, n'kukhutira. Koma kuipa kwa kudula kumaoneka m'zotayidwa. Ngati m'menemo muli "ngati", "koma", "mwina", chokanira, nambala, kapena dzina la amene akunenedwa, bwezeranimo. Dzifunseninso chifukwa chimene mwachotsera. Ngati mwachotsa poti mawuwo ndi aatali, mwina zili bwino. Ngati mwachotsa poti akufooketsa mfundo yanu, ndiye kuti ndi omwewo amene wowerenga akuyenera kuwaona.

Kenako perekani mawu odulidwawo kwa munthu amene sanaone lipoti, mumufunse kuti wamvapo chiyani. Akanena kuti "mlatho ukugwa" kapena "mlatho ulibe vuto", mwaphonya, chifukwa injiniya sananene chilichonse mwa ziwirizi. Akanena kuti "ndi wolimba koma magalimoto olemera auwononga", mwadula bwino. Kudula kumene kungapambane mayeso amenewa ndi kotere:

"Tayendera mlathowu kawiri chaka chino ... ndipo tapeza kuti ndi wolimba. Koma ngati magalimoto olemera kuposa matani 20 apitiriza kudutsapo, sutha zaka zisanu usanagwe."

Pachoka mawu asanu ndi limodzi pakati ndi chiganizo chomaliza, ndipo mwina mungaone kuti kufupikako n'kochepa. Ngati malo akuchepabe, musapitirize kudula. Chiganizo chimodzi chikafuna madontho kawiri ndi mikutiramawu kawiri, siyani kuchitenga chonse. Nenani mfundo m'mawu anu, n'kusunga m'mitengero kachigawo kokha kamene kali ndi mphamvu: Injiniya wati mlatho ndi wolimba pakadali pano, koma wachenjeza kuti magalimoto opitirira matani 20 akapanda kuletsedwa, "sutha zaka zisanu usanagwe".